Mutu wa kanema amene akuyenda bwino sindiukhudza msanga

Ndimajambula makanema a ulimi wa fodya kuno kwa Chamama n'kumawaika pa YouTube. Amene amaonedwa kwambiri ndinamupatsa mutu wakuti "Kafesedwe ka fodya wa bale pa nazale". Anzanga amandiuza kuti mutuwo ndi wozizira, ndiusinthe ukhale "Chinsinsi cholemerera ndi fodya". Ndimakana, ndipo chifukwa chake chili mu YouTube Studio.

Ndikatsegula Analytics n'kupita pa Reach, ndimaona kumene oonera akuchokera. Kanemayu ambiri amamupeza kudzera pa YouTube search, kutanthauza kuti mlimi walemba yekha mawu ngati "nazale ya fodya". Mawu amenewo ndiwo njira yofikira kwa ine. Ndikawachotsa m'mutu, kanemayo akhoza kutsika pa mndandanda wa zotsatira, malo ake n'kutengedwa ndi wina. Linki sisintha, ndemanga ndi chiwerengero cha oonera sizifufutika ayi. Chimene chimasokonekera ndi kubwera kwa anthu atsopano, ndipo kubwezeretsa mutu wakale sikutsimikiza kuti malo aja abwerera.

Choopsa china n'chobisika. Mutu wolonjeza chuma ukhoza kukopadi anthu ambiri, Impressions click-through rate n'kukwera. Koma wobwerayo akufuna za mitengo ya ku okushoni ya Chinkhoma, ndipo akupeza ine ndikusakaniza mbewu m'kheni yothirira. Bandulo ndi yodula, sadikira, amatuluka. Average view duration imagwa, ndipo YouTube ikaona anthu akuthawa msanga imachepetsa kuonetsa kanemayo kwa ena. Tiyerekeze kuti mwa anthu 1,000 amene aona mutuwo, otsegula akwera kuchoka pa 50 kufika pa 80, koma mphindi zoonera zatsika kuchoka pa 4 kufika pa 1. Poyamba zinali mphindi 200, tsopano ndi 80. Mlimi weniweni amene amafuna kudziwa kafesedwe waudumpha mutuwo osauzindikira, ndipo zimenezi ndi zimene zimandiwawa koposa.

Kuno nyengo imasokonezanso kuwerenga. Kanema wa nazale amafunidwa cha mu Ogasiti ndi Seputembala, ndipo mvula ikagwa, anthu ataokera kumunda, amazirala yekha. Ukasintha mutu mu Novembala, sungadziwe ngati wagwetsa oonera ndi mutuwo kapena nyengo.

Ndimasintha pokhapokha ngati mutu uli ndi cholakwika chosocheretsa mlimi. Apo ndimayamba ndalemba m'kope mutu wakale ndi manambala a masiku 28 apitawo. Mawu amene anthu amafufuza ndimawasiya kumayambiriro, chifukwa pa foni mutu wautali umadulidwa kumapeto. Chithunzi chapamwamba sindichisintha nthawi yomweyo, kuti ndidziwe chimene chabweretsa kusiyana. Ndipo sindiweruza tsiku lomwelo, poti manambala ena amachedwa masiku awiri kuti aoneke. Ndimadikira sabata yathunthu n'kuyerekeza ndi sabata yapitayo.