Agogo ndi 1.1 peresenti

Aphunzitsi athu anati tilembe lipoti la masamba awiri lofotokoza zipembedzo za m'Malawi muno, pogwiritsa ntchito kalembera wa 2018. Ndinkati ndi ya ola limodzi basi. Ndinakwera pachulu cha kuseri kwa chigafa, poti kwathu kuno kwa Lukwa netiweki imagwira bwino pamenepo, n'kutsitsa lipoti la ofesi ya kalembera ya ku Zomba ndi kabandulo kanga kotsala.

Tebulo lake ndi losavuta kuwerenga. Anthu tonse tinalipo 17,563,749. Akatolika anali 17.2 peresenti, a CCAP 14.2, Asilamu 13.8. Koma bokosi lalikulu kuposa onsewa lilibe dzina la mpingo. Limangoti Akhristu ena, ndipo muli anthu 26.6 peresenti. Ndiye kuti pa Amalawi anayi aliwonse, mmodzi amapemphera kumpingo umene tebulolo silinautchule. Ndinakumbukira matchalitchi ofolera ndi udzu amene ndimawadutsa popita ku Kasungu boma, uliwonse ndi chikwangwani chake. Kusiyanasiyana kumene anandituma kuti ndikufotokoze kunali kutapanikizidwa mu mzere umodzi.

Kenako ndinatsala pang'ono kulemba bodza. Kalembera wa 2008 anati Akhristu ndi 82.7 peresenti, pomwe mu 2018 ukaphatikiza mipingo yonse umapeza 77.3. Chala chinali chitalemba kale kuti Chikhristu chikuchepa. Mwamwayi ndinatsegula kalikyuleta. Mu 2008 tinalipo pafupifupi 13 miliyoni, choncho Akhristu anali ngati 10.8 miliyoni. Mu 2018 anali ngati 13.6 miliyoni. Gawo lawo linatsika, koma anthuwo anachuluka. Komanso mabokosi a zaka ziwirizi si ofanana: lipoti la 2008 linaika Akhristu onse pamodzi, la 2018 linawagawa m'mipingo. Ukasintha muyeso, sunganene msanga kuti chimanga chachepa. Ndinafufuta chiganizo chija.

Chimene chinandisowetsa tulo ndi kanambala kakang'ono ka kumunsi: zipembedzo za makolo, 1.1 peresenti. Amenewo ndi anthu osakwana 200,000 dziko lonse. Ine ndinakulira m'dera limene ng'oma za Gule Wamkulu zimamveka pamaliro ndi polonga mfumu, gule yemweyo amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005. Nanga anthu onse odzaza pabwalo aja anawalemba pati?

Yankho linali pakhomo pathu pomwe. Ndinawapeza amayi akusoka fodya.

"Amayi, a kalembera aja atabwera, anayankha ndani?"

"Ndine. Agogo ako anali kudimba."

"Ndiye munati iwowo amapemphera kuti?"

"Ku CCAP, nanga n'kanati chiyani? Si anabatizidwa ali mnyamata?"

Agogo aamunawo sindinawaonepo atalowa m'tchalitchi, kupatula paukwati. Madzulo ake ndinawafunsa okha.

"Agogo, akanakufunsani inuyo, mukanayankha kuti chiyani?"

Anaseka mpaka kutsokomola. "Mpingo wa Aroni, mdzukulu wanga." Ndi mmene a gule amadzitchulira akafuna kucheza. Kenako nkhope inasintha. "Koma gule ndi mwambo. Munthu akandifunsa za chipembedzo, akufunsa za Mulungu, ndipo Mulunguyo ndi mmodzi. Amayi ako sananame kwenikweni."

Apa m'pamene ndinasokonezeka. Ndinkaganiza kuti ndapeza cholakwa choti ndikonze: kuwachotsa agogo mu 14.2 n'kuwabwezera mu 1.1. Koma eni akewo sanapemphe kuti asamutsidwe. Funso la kalembera limalola yankho limodzi pa munthu aliyense, ndipo nthawi zambiri munthu mmodzi ndiye amayankhira nyumba yonse. Nambala imene imatuluka imatiuza dzina limene linatchulidwa pakhonde tsiku limenelo. Sitiuza kumene munthu amapita Lamlungu, kapena kumene amathamangira ng'oma ikalira.

Mu lipoti langa ndinaika manambala onse monga mmene alili, chifukwa palibe wina amene anayenda khomo ndi khomo dziko lonse kufunsa funsoli. Pansi pa tebulo ndinaonjezapo ziganizo zitatu. Choyamba, gulu lalikulu kwambiri ndi la mipingo yosatchulidwa maina. Chachiwiri, maperesenti a 2008 ndi a 2018 asayerekezedwe popanda kuona kuti mabokosi anasintha. Chachitatu, 1.1 ndi anthu amene analembedwa kuti chipembedzo chawo ndi cha makolo, osati onse amene amatsata miyambo ya makolo.

Ndisanatumize ndinawawerengera agogo. Anamvetsera akupota chingambwe chawo, kenako anafunsa:

"Ndiye ine ndili pati pamenepo?"

Ndinawalozera chiganizo chachitatu chija pafoni.

"Pansi pa tebulo?" anatero. "Chabwino. Pali mthunzi."