Mzikiti ukamangidwa, adzaufolera ndani?

Mvula ya ku Mzuzu imachedwa kutha. Kunyanja anthu akamayanika chimanga mwezi wa Meyi, ife kuno timakhalabe tikusuntha mikeka m'madrasa kuthawa madontho. Chaka chatha tinaika mabeseni anayi m'chipinda chomwe timaphunzitsiramo ana, ndipo ma Juzu Amma tinawakulunga m'majumbo. Nyumbayo ndi yokongola, ya njerwa zootcha, inamangidwa ndi munthu wamtima wabwino wochokera kutali. Anatipatsa makiyi, tinam'chitira duwa, iye n'kubwerera kwawo. Pa tsikulo palibe mmodzi wa ife amene anafunsa kuti malata akadzachita dzimbiri ndalama yake idzachokera kuti.

Ku koleji tinaphunzira mutu wa wakafu m'mabuku a fikihi, tinalembanso mayeso ake, koma tanthauzo lake talimvetsa titagwira beseni m'manja. Wakafu ndi chuma chomwe mwini wake amachichotsa m'manja mwake chifukwa cha Allah, kuti chumacho chikhalepobe koma phindu lake lizipita ku ntchito yomwe iye watchula. Chiyambi chake chodziwika ndi munda wa Umar bin Khattab ku Khaibar. Atafunsa Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) chochita nawo, analangizidwa kusunga mundawo n'kumapereka zokolola zake. Umar analamula kuti usagulitsidwe, usaperekedwe ngati mphatso, ndiponso usagawidwe ngati chuma cha masiye. Analolanso kuti woyang'anira azidyako moyenera. Onani kuti chomwe Umar anapereka chinali munda wobala, wotulutsa kanthu chaka ndi chaka.

Apa ndi pomwe ife tinasiyana njira ndi makolo athu m'chipembedzo. Iwo pomanga mzikiti, sukulu kapena chipatala, pambali pake ankaikanso chuma chodyetsa nyumbayo. Mu 1284 Sultani Kalawuni anayamba kumanga chipatala chachikulu mumzinda wa Kairo ku Iguputo, chotchedwa al-Mansuri. Chikalata cha wakafu wake chidakalipo mpaka lero. Chimatchula mashopu ndi nyumba zina zomwe lendi yake inkapita ku chipatalacho, ndiponso chimafotokoza ntchito ya ndalamazo: mabedi ndi zofunda, mankhwala, chakudya cha odwala, malipiro a madokotala, mankhwala a odwalira kunyumba, ngakhale sanda ya mmphawi womwalira. Sultaniyo anamwalira mu 1290, koma odwala anapitiriza kulandira chithandizo kwa zaka mazanamazana, chifukwa obwereka mashopu ankalipirabe lendi. Mzikiti wa al-Azhar ndi ophunzira ake nawonso ankadya za wakafu, ndipo pamene Muhammad Ali analanda minda yambiri ya wakafu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, mashehe a ku Iguputo anayamba kudalira thumba la boma, mawu awo n'kuchepa mphamvu.

Kwathu kuno mizikiti ndi madrasa ambiri amangidwa kuyambira m'ma 1980 ndi mabungwe monga African Muslims Agency, komanso abale athu amalonda. Allah awalipire zabwino. Koma kawirikawiri pamaima nyumba yokha, ndipo malipiro a mwalimu amadikira mbale ya Lachisanu. Mwezi wa njala mbaleyo imapepuka, mwalimu amapita ku Joni, ana amabalalika.

Tiyeni tiyerekeze ndi manambala ongopeka, kuti tione kukula kwa nkhaniyi. Mzikiti wina ku Chibavi kapena ku Mchengautuwa uli ndi malo oyang'ana kumsewu, ndipo pamangidwa mashopu atatu, iliyonse ya K80,000 pa mwezi. Pamodzi ndi K240,000. Woyang'anira wanzeru sawerengera miyezi 12, chifukwa shopu imakhalako yopanda munthu ndipo wina amathawa ndi ngongole. Awerengere miyezi 10, zomwe zikupereka K2,400,000 pa chaka. Gawo limodzi mwa magawo asanu, K480,000, lisungidwe kuti likhale la malata, penti ndi msonkho wa khonsolo. Gawo limodzi mwa magawo khumi, K240,000, likhale la wotolera ndi kulemba ndalamazo. Zotsala ndi K1,680,000, kutanthauza K140,000 pa mwezi. Mashopu atatu akusunga mwalimu mmodzi yekha. Amene akulota madrasa ya aphunzitsi anayi ayambe wawerenga kuti pafunika zitseko zingati.

Ndalama yokonzera nyumba taitchula poyamba mwadala. Maulama a fikihi analamula kuti kukonza chuma cha wakafu kutsogole, olandira phindu abwere pambuyo. Kwa ife aphunzitsi lamuloli ndi lowawa, poti likutanthauza kuti denga la shopu liyambe lafoleredwa ife tisanalandire. Koma shopu yodontha siipeza wobwereka, ndipo tikadya ndalama ya malata chaka chino ndiye kuti tadyeratu malipiro a zaka zikubwerazo.

Maulama ena analetsanso kubwereketsa nyumba ya wakafu kupitirira chaka chimodzi, kapena munda kupitirira zaka zitatu, poopa kuti wobwereka angauyese wake ndipo lendi ingatsalire m'mbuyo. Ife amene tinaona kwacha ikugwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 sitifunika kuuzidwa chifukwa chake. Lendi yomwe yakhala chimodzimodzi zaka zisanu, wobwereka ali mphwake wa mkulu wa komiti, ndi chizindikiro choti wakafu wayamba kudyedwa. Chizindikiro china ndi buku la ndalama lomwe siliwerengedwa pagulu, ndipo wofunsa amauzidwa kuti alibe ulemu.

Vuto lalikulu kuposa onsewa ndi la malo. Tikudziwa madrasa ina yomwe bwalo lake linaperekedwa ndi gogo wina pakamwa, pamaso pa jamaa. M'mazihabu a Imamu Shafi, omwe ambiri a ife timatsata, mawu omveka bwino a mwini chuma ndi okwanira, ndipo sangathe kuwabweza. Koma gogoyo atamwalira, adzukulu anabwera ndi mapepala a malowo omwe anali adakali m'dzina lake, mboni zonse zili kumanda. Lero pabwalo lija pali mpanda wa njerwa. Ku Zanzibar ndi ku Mombasa kuli makomishoni a boma oona za wakafu. Ife chomwe tingagwiritse ntchito ndi lamulo la Trustees Incorporation Act: jamaa ilembetse matrasiti ake, lizi ya malo isinthidwe ilowe m'dzina la bungwe lolembetsedwalo, osati la shehe kapena tcheyamani. Chikalata chitchule malire, ntchito ya phindu, njira yosankhira ndi kuchotsa woyang'anira, komanso komwe phindu lidzapite madrasa ikadzatsekedwa. Ana a woperekayo asainire ngati mboni iye akadali moyo. Kumidzi ya kunyanja, komwe malo ambiri ali m'manja mwa mafumu ndi mbumba, mfumu ndi eni mbumba akhalepo pa tsikulo, pakuti munthu sangapereke wakafu pa chinthu chomwe si chake.

Denga lathu tinalifolera ndi zopereka za makolo, ena K2,000, ena K5,000. Titamaliza, mayi wina wogulitsa usipa mumsika anatifunsa kuti, "A mwalimu, nanga likadzadonthanso tidzasonkhanso?" Tinamuyankha kuti inde. Madzulo a tsiku lomwelo tinatenga chingwe n'kukayeza kampata kali pakati pa madrasa ndi msewu. Pangakwane mashopu awiri. Achitatu palibe malo ake, choncho malipiro a mwalimu sadzakwanira onse, koma ndalama ya malata idzapezeka.