Puleng ndi Fikile: wamkulu ndani?

Loweruka lililonse madzulo timakumana pakhonde la babashopu ina ku Kapata, pafupi ndi msika. Timakhala anthu 8, nthawi zina 10. Malaiti akapita, wometa amaika makina pansi, ife n'kuyamba kwizi yathu ya mafilimu. Timagawana magulu awiri, ndipo gulu loluza limagula vitumbuwa ndi maheu. Mphotho ndi yomweyo basi, koma mkangano wake mungaganize kuti tikulimbirana munda.

Tsiku lina mnzathu amene amakonza mafunso anafunsa kuti: "Mu Blood & Water, wamkulu ndani pakati pa Puleng ndi Fikile?" Gulu lathu linayankha mofulumira kuti Fikile. Gulu linalo linati Puleng. Tinakangana mpaka dzuwa kulowa, ndipo pomaliza tinapeza kuti tonse tinakhoza. Vuto linali funso lenilenilo.

Kwa amene simunaonere, Blood & Water ndi sewero la ku South Africa limene linatuluka pa Netflix pa 20 Meyi 2020. Puleng Khumalo ndi mtsikana wa zaka 16 wa ku Cape Town. Mkulu wake anabedwa ali khanda zaka 17 zapitazo, ndipo Puleng akukayikira kuti Fikile Bhele, katswiri wosambira wa pasukulu ya ana a anthu olemera ya Parkhurst College, ndiye mkulu wakeyo. Nkhani yonse yagona pamenepa: Fikile ndiye wamkulu. Koma amene amasewera Puleng, Ama Qamata, anabadwa mu Seputembala 1998, pomwe Khosi Ngema, amene amasewera Fikile, anabadwa mu Novembala 1999. Choncho kunja kwa sewero, mng'ono ndiye wamkulu, ndipo akuposa "mkulu" wake ndi chaka chimodzi ndi miyezi iwiri.

Kuyambira tsiku limenelo tinapanga lamulo. Funso lililonse la zaka liyenera kunena ngati likufunsa za munthu wa m'sewero kapena za wosewerayo. Ndipo ngati likufunsa za wosewera, linene kuti pa nthawi iti. Lamulo lachiwirili ndi limene limagwetsa anthu ambiri, chifukwa wosewera mmodzi m'sizoni imodzi angakhale ndi mayankho atatu.

Titenge Ama Qamata yemweyo. Munthu wofulumira amachotsa 1998 mu 2020 n'kupeza 22. Koma sewero linatuluka mu Meyi, iye asanafike tsiku lake lobadwa la mu Seputembala, ndiye anali ndi zaka 21. Komanso nkhope imene timaona pasikirini si ya mu Meyi 2020. Sizoni yoyamba inajambulidwa mu 2019, pamene anali ndi zaka 20 kupita ku 21. Ndiye pali 22, 21 ndi 20. Yankho loyamba ndi lolakwa, ndipo awiri enawo onse ndi oona malinga ndi zimene mwafunsa. Njira yake ndi yosavuta: chotsani chaka chobadwa, kenako onani ngati mwezi wobadwa unali utakwana. Ngati sunakwane, chotsaninso chaka chimodzi. Pali zinanso: masiku obadwa a osewera ena amasiyana pa intaneti, tsamba lina likuti chaka ichi, lina likuti china. Dzina lotero timalichotsa pakwizi, chifukwa sitifuna kuti munthu agule vitumbuwa chifukwa cha nambala yongopeka.

Zikanathera pamenepo, bwenzi nkhaniyi ili ya vitumbuwa chabe. Koma tsiku la mkanganolo panali mng'ono wa mnzathu wina, mtsikana wa giredi 10. Anali atangokwanitsa zaka 16 ndipo anali atangotenga NRC yake, moti ankaionetsa kwa aliyense. Anabwera kudzatenga makiyi a kunyumba kwa mkulu wake, n'kukhala pabenchi kumvetsera. Titamaliza kuwerengetsa, anafunsa motsitsa mawu: "Ndiye mukuti Puleng uja sali ndi 16 ngati ine?"

Mkulu wake anati, "Ayi iwe, ndi munthu wamkulu uja. Panthawi ija anali woti akanakhala ku koleji."

Mtsikanayo anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Ine ndimaganiza kuti ndine ndachedwa kukula."

Palibe anaseka. Pambuyo pake mkulu wake anatiuza kuti kwa miyezi ingapo mwanayo ankasiya nsima yamadzulo, ndipo ndalama imene ankapatsidwa ya kusukulu ankasunga kuti agule mafuta ochotsa ziphuphu. Kunyumba ankaganiza kuti ndi matama a msinkhu. Sitinganene kuti sewero limodzi ndilo linachititsa zonsezi, chifukwa pali mafoni, pali anzake a kusukulu, pali galasi la kuchipinda. Koma iye mwini anatchula chimene ankadziyezera. Ankaika nkhope yake ya zaka 16 pafupi ndi nkhope ya mkazi wa zaka zoposa 20, amene wadzoledwa ndi akatswiri ndi kuunikiridwa ndi magetsi a kamera, n'kumadabwa kuti bwanji sizikufanana.

Ife anyamata tisanamizire kuti zinatilambalala. KB, mnyamata woimba wa m'sewero lomwelo, amaseweredwa ndi Thabang Molaba, amene anabadwa mu Disembala 1994. Pamene sizoni yoyamba inkatuluka anali ndi zaka 25. Mapewa aja ndi mawu aja si a mwana wa sekondale. Ena mwa ife tili kusukulu tinkanyamula zidebe za simenti youma kuseri kwa nyumba ku Mchini, ena tinkameta pachibwano popanda kanthu poganiza kuti ndevu zibwera msanga. Masewero athu anali ena, koma chinyengo cha maso chinali chomwechi. Zaka 9 pakati pa 16 ndi 25 si zochepa. M'zaka zimenezo mnyamata amatha kutalikabe, chifuwa chimatambasuka, ndevu zimadzaza, ndipo ziphuphu za ambiri zimachepa.

Nanga n'chifukwa chiyani opanga masewero amatenga akuluakulu? Si kuti akufuna kupusitsa ana a ku Chipata. Chifukwa choyamba ndi ntchito. Kujambula kumatenga tsiku lonse, nthawi zina usiku, kwa miyezi. Mwana weniweni ali ndi sukulu, ndipo malamulo amamuteteza. Ku South Africa, kuti mwana wosakwana zaka 15 agwire ntchito ya zisudzo pamafunika chilolezo cha boma, ndipo maola ake ndi owerengeka. Chifukwa chachiwiri ndi zimene zili m'masewerowo. Muli mowa, mankhwala ozunguza bongo, kupsompsonana ndi za kuchipinda. Mu Blood & Water momwemo muli nkhani ya Fikile ndi mwamuna wamkulu womuphunzitsa kusambira. Palibe kholo labwino limene lingalole mwana wake wa zaka 16 kujambulidwa m'zoterozo, ndipo ifenso sitingafune kuonera.

Chifukwa chachitatu ndi thupi. Munthu wa zaka 21 akabwerera patapita chaka kudzajambula sizoni yotsatira amaoneka chimodzimodzi, koma mwana amasintha ngati chimanga cha mu Januwale. Onani Stranger Things, imene inatenga ana enieni. Inayamba mu 2016 Millie Bobby Brown ali ndi zaka 12, ndipo sizoni yomaliza inayamba kutuluka mu 2025 iye ali ndi 21. M'nkhanimo munadutsa zaka pafupifupi 4, kuchokera mu 1983 kufika 1987, koma pamoyo weniweni panadutsa 9. Choncho ngakhale sewero loyamba ndi ana enieni limathera kwa akuluakulu ovala zovala za ana. Blood & Water nayo inafika sizoni yachinayi mu Malichi 2024, Ama Qamata ali ndi 25 ndipo Thabang Molaba ali ndi 29, koma Puleng ndi KB adakali ana a sukulu.

Mmodzi wa ife, amene amakonda kutsutsa chilichonse, anati tikukokomeza. Anati kuno kwathu munthu wa zaka 20 mu giredi 11 si wachilendo. Ananena zoona. Tonse tinaphunzira ndi anzathu ochokera kumidzi ya ku Chadiza, ku Vubwi kapena kufupi ndi Mwami amene anayamba giredi 1 mochedwa chifukwa choweta ng'ombe, ena anabwereza giredi 9, ena anabwerera atabereka. Munthu wa ndevu mu yunifomu sititembenuka n'komwe kumuyang'ana. Koma kusiyana kwake ndi uku: mnzathu uja sankanena kuti ali ndi 16. Tinkadziwa kuti ndi wamkulu, ena tinkamupatsa ndi ulemu wa "a" patsogolo pa dzina, ndipo palibe amene ankadziyeza ndi thupi lake. M'sewero, nambala imatchulidwa mokweza, pali keke ndi makandulo, koma thupi ndi la msinkhu wina. Komanso m'kalasi mwathu wamkulu ankakhala mmodzi kapena atatu pakati pa ana 50. Pasikirini kalasi yonse ndi ya akuluakulu, ndiye mwana woonera alibe pofanizira.

Pali chinanso chimene chimatisowetsa mtendere. Zimene Puleng amachita, monga kuyenda usiku, kulowa m'mapate ndi kulimbana ndi zigawenga, zimaoneka zotheka chifukwa amene akuzichita ndi munthu wokhwima. Tayerekezani kuti pamalo pake pali kamtsikana kaja ka NRC yatsopano, ka mawu aang'ono ndi masokosi ofika m'maondo. Nkhani ya Fikile ndi mphunzitsi uja siingaoneke ngati chikondi chobisika kwa aliyense. Ingaoneke chimene ili: munthu wamkulu akudyera mwana masuku pamutu. Nkhope ya wamkulu imafewetsa zinthu zimene siziyenera kufewa, ndipo kuno, kumene mimba za ana a sukulu si nkhani ya pa TV, sitingaitenge ngati nthabwala.

Masewerowa sitinasiye kuonera, ndipo sitiuza aliyense kuti asiye. Ama Qamata ndi Khosi Ngema anagwira ntchito yawo bwino, ndipo ntchito ya wosewera ndiyo kukhala munthu amene iye sali. Chimene tinasintha ndi kwizi. Tsopano gawo lomaliza la Loweruka lililonse ndi la zaka, ndipo yankho limakhala ndi nambala ziwiri: ya m'sewero ndi ya wosewera. Wotchula imodzi yokha amapeza theka la maliki.

Mtsikana uja ndiye amene amakonza mafunso a gawo limeneli masiku ano. Amalemba masiku obadwa kumapeto kwa kope lake la masamu, ndipo sakhululukira munthu woiwala mwezi. Sabata yatha anatifunsa zaka za Khosi Ngema pa tsiku limene Blood & Water inatuluka. Mkulu wake anakuwa kuti 21. Iye anapukusa mutu n'kunena kuti, "Novembala anali asanafike, akulu. Ndi 20. Pitani mukagule vitumbuwa." Atabwera navyo, anadya vitatu.