Lumbiro la m'thumba

Msuweni wanga wa ku Mchini akwatira mwezi wamawa. Anandipempha mawu okakamba pamaso pa ankhoswe, ati ife olemba nkhani sitisowa chokamba.

Mawu achikondi ndinawasiya. Ndinakumbukira achemwali anga: anadziwa kuti mulamu ali ndi kaloba tsiku lomwe mwini ndalama anabwera kudzanyamula wailesi. Anakongola K500 kuti abweze K750 pakutha kwa mwezi, ndipo yonse inapita ku Katete kukagula feteleza wa amayi ake. Kuthandiza amayi sikunali kulakwa. Koma achemwali anamvera kwa aneba!

Ndiye ndinamulembera tere:

"Mkazi wanga, malipiro anga mudzawadziwa onse, ngakhale ya maganyu. Ndikalowa chilimba, ndidzakuuzani tili angati, tiponya zingati, ndipo ndidzadya mwezi uti. Ya kumudzi, kwanu ndi kwathu, tidzapangana lendi ndi unga zikachoka, osati kutumiza pafoni mobisa. Yosunga sindidzaigwira musanavomere. Ndikagwa m'nkhongole, mudzamva kwa ine tsiku lomwelo."

Anawerenga kawiri, n'kufunsa ngati tingachotseko pa maganyu paja. Ndinakana. Manje akuti mkazi nayenso alumbire za phindu la salaula wake ku Kapata, ndipo apo ndavomera.