Bwana wokoma pakamwa akhoza kukhala wa X

Pali funso lina pa mayeso a kayendetsedwe ka ntchito lomwe limagwetsa ngakhale ophunzira olimbikira. Amakupatsa mawu a bwana wina n'kufunsa ngati bwanayo akutsata ganizo la X kapena la Y. Maganizo awiriwa anawafotokoza Douglas McGregor wa ku Amerika m'buku lake la mu 1960. Bwana wa X amakhulupirira kuti munthu amadana ndi ntchito, amathawa udindo, ndipo amagwira pokhapokha akuopa chilango kapena akuona ndalama. Wa Y amakhulupirira kuti munthu sabadwa waulesi, ndipo akagwirizana nacho cholinga cha ntchito amadziyang'anira yekha.

Ophunzira ambiri amangoloweza kuti X ndi wankhanza, Y ndi wachifundo. Mphwayi imeneyi ndi yomwe imawadyera malikisi.

Tiyerekeze eni zigayo za mpunga awiri kuno ku Ngokwe. Woyamba akuti: "Anyamata angawa ndimawakonda. Ndimawagulira nsomba za ku Chiuta, ndipo aliyense akaposa matumba 20 ndimamuwonjezera kangachepe, apo ayi sangasunthe. Makiyi a mosungira katundu ndimayenda nawo ndekha." Wachiwiri akuti: "Pofika Loweruka matumba 100 akhale atatha, sindifuna zodandaula. Mugawana bwanji nthawi, mukudziwa ndinu. Injini ikamveka zachilendo imitsani, musadikire ine."

Theka la kalasi limalemba kuti woyamba ndi wa Y chifukwa cha nsombazo. Ayi ndithu. Mvetserani mawu akuti "apo ayi sangasunthe". Iye watiuza yekha kuti popanda nyambo anthuwo sagwira ntchito, ndipo makiyi ali m'thumbawo akuchitira umboni. Nsomba ndi chikwapu zimachokera m'ganizo limodzi, la X. Wachiwiri uja ndi wouma pakamwa, koma wasiya m'manja mwa antchito kagawidwe ka nthawi ndi chisankho choimitsa injini. Sangatero munthu amene akuwaona ngati aulesi. Ameneyu ndi wa Y.

Choncho ndimauza ophunzira anga kuti asamvere kukoma kwa mawu, koma afunse zinthu ziwiri: bwanayu akuti anthu ake amagwira ntchito chifukwa chiyani, nanga amasankha kagwiridwe kake ndani? Poyankha atchule ganizolo, akopere mawu enieni a bwanayo omwe akumuulula, kenako afotokoze zomwe mawuwo akusonyeza. Kungolemba "X" basi n'kutaya malikisi ofotokozera.

Chimene chimandivutitsa ine n'chakuti bwana wa X kawirikawiri amaoneka wolondola. Ukamulanda munthu chisankho chilichonse, amaleka kuganiza n'kumangodikira kuuzidwa. Injini ikalira zachilendo amangoyang'ana mpaka ipse, poti mwini wake sanalamule. Bwana uja pobwera amati, "Mwaona? Ndinanena ine." McGregor ankatsutsa zomwezi: ankati ulesi wotere ndi zotsatira za kayendetsedwe kantchitoko, osati chibadwa cha wantchito. Enafe tinaonapo kusukulu komwe buku losainira nthawi yofika limatsatidwa kuposa zomwe zikuchitika m'kalasi, ndipo aphunzitsi amafikadi m'mamawa kudzasaina.