Malata khumi ndi asanu otsala

Pantchito yanga yomasulira pali mawu amene amandivuta kuposa a m'mabuku a malamulo. Ndi mawu aja Angerezi amatchulira munthu kapena kampani imene yaikapo ndalama pa chochitika kuti dzina lake limveke. Ife timangoti "otithandiza" kapena "akufuna kwabwino", ngati kuti munthuyo wapereka n'kutembenuka osayembekezera kanthu. Chonsecho kampani ikapereka cheke imafuna dzina lake litchulidwe bwino, chinsalu chake chipachikidwe poonekera, ndipo chithunzi chijambulidwe. Palibe cholakwika pamenepa. Ndi pangano, ndipo amene waimirira kutsogolo kuti athokoze ndiye amalipira mbali ya mudzi. Vuto ndi lakuti akalipira mopitirira, mudzi umaluza tsiku lomwelo.

Ndinaziona izi bwino kwathu, mphepo itasasula denga la makalasi awiri a sukulu ya pulayimale. Komiti ya sukulu inakonza tsiku lotsegulira ntchito yosonkha ndalama, ndipo anandipempha kuti nditsogolere mwambo chifukwa alendo ena amayankhula Chingerezi. Kalipentala anawerengera kuti pakufunika malata 80. Kampani ina ya m'tauni inalonjeza ndalama zokwana malata 35. Bambo wina wa sitolo ya zipangizo zomangira pamsika wathu analonjeza malata 20, ndipo 8 anali atafika kale. Ana a m'mudzimo amene amagwira ntchito ku Joni anatumiza ndalama pafoni, zimene zinagula malata 10. Amayi anali atatuta mchenga ndi kutunga madzi okonzera khoma long'aluka, ndipo kalipentalayo anavomera kulandira theka la malipiro ake.

Kutatsala masiku atatu, ndinayankhula ndi aliyense wa iwo ndi kumufunsa mafunso atatu. Loyamba linali la dzina: mukufuna titchule ndani, ndipo motani? Funsoli limaoneka lachibwana, koma kampani imatumiza woiimira, ndipo wothokozedwa ndi kampaniyo, osati munthu amene wavala jekete. Mukamutcha mlembi munthu amene ndi bwana wa nthambi, akabwerera ku ofesi nkhani imene akanene ndi imeneyo. Lachiwiri linali lakuti kodi chimene apereka chafika kapena chikubwera. Lachitatu, ngati akulola kuti kuchuluka kwake kutchulidwe pagulu. Bambo wa sitolo anandiyankha kuti, "Mayi, tchulani malatawo, koma mtengo wake musatchule. Mawa abale onse adzakhala pakhomo panga." A ku Joni anapempha kuti atchulidwe monga gulu, chifukwa ena mwa iwo anali asanatumize kanthu kwa makolo awo mwezi umenewo.

Funso lachiwiri ndi limene ndimalisamala kwambiri. Pamwambo wotere kampani imabwera ndi cheke chachikulu ngati chitseko, cholembedwa pa katoni, choti anthu awiri agwire uku ndi uku pojambulitsa. Cheke chimenecho sichipita kubanki. Ndalama zenizeni zimatuluka pambuyo pake, mapepala akasainidwa, ndipo pamatha milungu kapena miyezi. Wotsogolera mwambo akanena kuti "atipatsa", anthu amamva kuti ndalama zili m'manja mwa msungichuma. Pakatha mwezi denga lisanaoneke, msungichuma uja amasanduka wakuba m'maso mwa anansi ake, chonsecho sanagwire ngakhale tambala. Choncho m'Chichewa ndimalekanitsa "apereka" ndi "alonjeza", ndipo mlendo akanena m'Chingerezi mawu otanthauza kudzipereka kuti adzachita, ndimamasulira kuti "alonjeza", ngakhale m'manja muombedwe pang'ono.

Pali chifukwa china chimene ndinawerengera zonse m'malata osati m'makwacha. Mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo mitengo ya zipangizo zomangira inakwera posakhalitsa. Lonjezo la ndalama likachedwa limafota, koma lata limakhalabe lata. Woimira kampani atavomera kuti ndinene pamaso pa mfumu kuti "alonjeza malata 35", lonjezolo linakhala chinthu choti mwana wa Sitandade 3 angathe kuwerenga padenga. Paja amati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Chonenedwa pabwalo chimavuta kuchibweza.

Ndondomeko ya mayina nayo ili ndi msampha. Ulemu ndi kuthokoza ndi zinthu ziwiri. Ulemu umatsata mipando: a gulupu, a nyakwawa, mlendo wolemekezeka, a khansala, aphunzitsi aakulu, azibusa ndi mashehe. Ameneyu ndi malonje, ndipo mwini nthaka sadumphidwa chifukwa cha cheke cha mlendo. Koma pothokoza sindinatsate kukula kwa mphatso. Ndinatsata nthawi imene thandizo linafika. Ndinayamba ndi amayi a mchenga, ndipo ndinawapempha kuti aimirire. Kenako kalipentala, a ku Joni, bambo wa sitolo, ndipo kampani inakhala yomaliza. Ndinali nditamufotokozera kale woimira kampaniyo kuti malo omaliza ndi aulemu, chifukwa ndi iye yekha amene apatsidwe mphindi zitatu zoyankhula ndi kujambulitsa.

Pomuitana ndinanena zinthu zitatu zokha: dzina la kampani, chimene chimawalumikiza ndi mudzi wathu, ndi chimene alonjeza. Ndinati, "Gogo chalo, alendo awa amagula soya wa alimi a kuno chaka ndi chaka. Atamva za denga lathu, alonjeza malata 35." Sindinawatche mpulumutsi, ndipo sindinanene kuti popanda iwo tikanakhala osowa pogwira. Mawu otere amasangalatsa mlendo kwa mphindi imodzi, koma amauza mayi amene wamanga K500 pansonga ya chitenje kuti ndalama yake ndi yochititsa manyazi.

Kuthokoza kukalakwika, zimaonekera m'lichero. Anthu akaombera m'manja cheke chachikulu n'kuyamba kunyamula mipando, ndiye kuti amva kuti ntchito yatha. Mwambo wotsegulira umasanduka wotsekera. N'chifukwa chake mawu omaliza a wothokoza asakhale "zikomo" ayi, koma masamu. Chithunzi chitajambulidwa ndinawerenga mokweza: akufunika 80, alonjezedwa onse pamodzi ndi 65, amene ali m'ofesi ya aphunzitsi aakulu panopa ndi 18, ndipo 15 alibe mwini. Ndinabwereza kawiri, m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Khumi ndi asanu ndi nambala imene mudzi ungaione n'kunena kuti imeneyo ndi yathu. Mabanja anayamba kugwirizana atatuatatu pa lata limodzi, mlembi akulemba mayina m'kope.

Njira imeneyi ili ndi malire ake. Pali otithandiza amene salola kukhala omaliza, ndipo pali andale amene amafika mwambo uli mkati n'kulengeza okha ndalama imene komiti sinaimvepo. Zikatero wotsogolera mwambo sangakane, koma angathe kuthokoza ndi mneni woyenera: "alonjeza". Kenako apemphe mlembi alembe anthu akuona.

Kuthokoza kwachiwiri, kumene ambiri timaiwala, kumachitika denga litakwera. Komiti inalemba kalata kwa aliyense, yonena malata angati anafika, liti, ndi kalasi imene anafolera. Ndinamasulira ya kampani m'Chingerezi, ndipo ya amayi a mchenga inawerengedwa pamsonkhano wa makolo. Makoma a zimbudzi za sukuluyi ayamba kung'aluka, ndipo komiti idzagogodanso pazitseko zomwezo.