Tiketi yawina koma ndalama zabwera zochepa: nkhani ya Void ndi mtengo wolakwika

Anyamata anzanga a kunyanja kuno, lero ndikufuna tikambe za kamawu kamene kamatuluka pa foni tiketi ikawina koma ndalama osakwana. Kamawuko ndi Void. Ena mumakaonera pa silipi ya pepala, pomwe panali mtengo wa gemu pangolembedwa 1.00. Mukafunsa wa pashopu amangoti "ndi sisitimu, amwene," nkhani n'kuthera pomwepo. Koma zonse zinalembedwa kale mu Terms and Conditions, tsamba lalitali lija timangodina kuti tavomera tisanawerenge n'komwe.

Void tanthauzo lake n'lakuti betiyo yafufutidwa, ngati kuti sinachitike. Ngati munabetcha gemu imodzi yokha, amakubwezerani ndalama yomwe munaika, osaonjezera kanthu. Ngati gemuyo ili pa tiketi ya magemu angapo, mtengo wake amausandutsa 1.00, tiketi n'kupitirira ndi magemu otsalawo. Izi zimachitika gemu ikaimitsidwa kapena kusunthidwa tsiku. Mukukumbukira pa 16 Disembala 2023, Bournemouth ikusewera ndi Luton, Tom Lockyer atagwa m'bwalo, gemu inathera panjira zigoli zili 1-1. Pa gemu yotere malamulo a makampani ambiri amati zomwe zadziwika kale, monga wogoletsa chigoli choyamba, zilipidwe, koma beti ya wopambana ifufutidwe ngati gemu sinapitirizidwe m'maola omwe analemba. Maolawo amasiyana kampani ndi kampani. Apa ine ndilibe dandaulo, palibe yemwe wadyera mnzake.

Pomwe pali nkhani ndi pa ndime ina, imene amailemba kuti Palpable Error kapena Obvious Error. Ndimeyi imati kampani ikalakwitsa mtengo moonekeratu, ili ndi ufulu wofufuta beti yanu kapena kukulipirani pa mtengo womwe iyo ikuti ndiwo unali woyenera, ngakhale silipi muli nayo m'manja.

Tiyerekeze chonchi. Mwaika K2,000 pa magemu anayi. Atatu ali pa 1.50, 1.80 ndi 2.00. Wachinayi ndi timu yaikulu ikusewera pakwawo ndi katimu ka pansi pa ligi, ndiye pomwe pamayenera kukhala 1.20 mwapeza 12.00. Wina kuofesi kwawo wasuntha kadontho. Magemu atatu oyambawo mukawachulukitsa akupereka 5.40, kuchulukitsanso ndi 12.00 ikubwera 64.80, ndiye silipi ikulonjeza K129,600 tisanachotse msonkho. Magemu onse alowa. Mwayamba kale kuwerengera mafuta a injini ndi ngongole ya kwa mayi a pagolosale.

Kampani ikasankha kufufuta gemu yachinayiyo, 12.00 ija isanduka 1.00, mutsala ndi 5.40 kuchulukitsa K2,000, yomwe ndi K10,800. Ikasankha kulipira pa mtengo woyenera wa 1.20, mulandira K12,960. Njira ziwirizi zangosiyana ndi K2,160, koma zonse zili kutali ndi K129,600 ija. Ndipo ngati munalonjezedwa bonasi ya magemu ambiri, gemu yofufutidwa nthawi zambiri sawerengeranso, ndiye bonasi nayo imatsika kapena kuthera pomwepo.

Taonani tsono timu yaikuluyo ikaluza. Ngati lamulo lawo likuti gemu ya mtengo wolakwika imafufutidwa basi, tiketi yanu ikadali moyo, K10,800 ndi yanu ngakhale timuyo yagonja. Koma ngati likuti amalipira pa mtengo woyenera, tiketi yafa, K2,000 yapita. Ndiye ngati ndimeyo ikupatsa kampani ufulu wosankha yokha pakati pa ziwirizi, ndipo sikunena kuti iyenera kusankha gemu isanayambe, mwaona pomwe mwaima? Ikawina simulandira za pa 12.00, ikaluza mutha kutaya zonse. Mwaika ndalama pangozi pofuna mtengo womwe simukanaulandira ngakhale pang'ono. N'chifukwa chake ndikamawerenga ndimeyi ndimayang'ana mawu awiri: kodi akuti "tidzafufuta" kapena "tikhoza kufufuta"? Wachiwiriyo ndi khomo lotseguka mbali zonse.

Kunena chilungamo, ganizo la ndimeyi si lachilendo kwa ife. Bambo anga akabwera ndi chilimira m'mawa, mwana wa padoko n'kuuza wogula kuti ndowa ya usipa ndi K3,000 pomwe aliyense akugulitsa K30,000, palibe mlovi angalole ndowayo ichoke. Wogulayo naye akudziwa kuti mwana waphonya ziro. Koma padoko pamakhala mboni, mtengo wa tsikulo tonse timaudziwa, ndipo bambo sangadikire wogula akafike ku Limbe, aone ngati wapindula, kenako n'kumuimbira foni kuti mtengo unalakwika. Pa kubetcha, wolakwitsa ndi yemweyonso woweruza kuti kulakwitsako kunali koonekeratu. Makampani ena amalemba muyezo wake, kuti mtengo ukasiyana motani ndi wa makampani anzawo ndiye kuti walakwika. Ena salemba, amangoti ndi mmene iwo aonere. Ndipo ena amaonjezera kuti ngakhale atakulipirani kale, angathe kuchotsa ndalamazo mu akaunti yanu.

Nanga ungadziwe bwanji kuti mtengo ndi wolakwika usanaike ndalama? Pali kasamu kosavuta, kakyuleta ya pa foni ikwanira. Tengani 100, gawani ndi mtengo uliwonse mwa itatu ija, wa timu ya pakwawo, wa kufanana mphamvu ndi wa alendo, kenako phatikizani. Pa gemu yabwinobwino ya 1.20, 6.50 ndi 13.00 mupeza pafupifupi 83, 15 ndi 8, zonse pamodzi 106. Nthawi zonse zimapitirira 100, chifukwa kapamwambako ndiye phindu la kampani. Tsopano ikani 12.00 m'malo mwa 1.20: mupeza 8, 15 ndi 8, pamodzi 31. Palibe kampani ingagulitse dala mitengo yotere, chifukwa munthu atabetcha mbali zonse zitatu akhoza kupindula zivute zitani. Mukaona zatsika pansi pa 100 chonchi, dziwani kuti ndime ija ikukudikirani.

Kasamu aka kali ndi malire. Nthawi zina mitengo imangosinthana malo, timu yaikulu n'kupatsidwa 13.00, yaing'ono 1.20. Mukaphatikiza zibwerabe 106, osaonetsa vuto. Apa chothandiza ndi kutsegula gemu yomweyo pa makampani ena awiri. Ngati ena ali pa 1.18 ndi 1.22, wanu ali pa 1.28, umenewo ndi mtengo wabwino chabe, ndipo akaufufuta muli ndi poyambira kudandaula. Koma 13.00 pomwe anzawo onse ali pafupi ndi 1.20, aise, ngakhale kwa mfumu simungawine mlandu.

Palinso kulakwika kwa nthawi. Gemu yayamba kale kapena chigoli chalowa, koma makina akulandirabe mabeti pa mtengo wakale. Izi zimavuta kwambiri pobetcha gemu ili mkati, chifukwa kanema wa m'shopu amachedwa ndi masekondi angapo poyerekeza ndi zomwe zikuchitika m'bwalo. Beti yolandiridwa chigoli chitalowa kale amaifufuta, ndipo nthawi yomwe amatsatira ndi ya makina awo.

Tiketi ikafufutidwa inu mukuona kuti mtengo unali wabwinobwino, musayambe ndi kutukwana mtsikana wa pakauntala, iye sanaike mtengowo. Jambulani silipi pomwe pakuoneka nambala ya tiketi, nthawi ndi mtengo, makamaka ya pepala, poti inki yake imafufutika ikakhala m'thumba lonyowa masiku awiri. Lemberani kampani, muwafunse nambala ya ndime yomwe agwiritsa ntchito, mtengo womwe akuti unali woyenera, ndi nthawi yomwe anazindikira kulakwikako, gemu isanayambe kapena itatha. Akapanda kuyankha zomveka, pitani nazo ku MAGLA, bungwe la boma lomwe limapereka ziphaso kwa makampani a kubetcha kuno ku Malawi. Koma musanalembe, onani kaye ngati kampaniyo ili ndi chiphaso cha kuno, chifukwa masamba ena omwe mumatumizirana m'magulumu ndi akunja, ndipo MAGLA ilibe pogwira pa iwo.